Kalembedwe ka kalata ya mlembi wa kalabu ya mpira yodziwitsa makolo za chopereka chatsopano ndi nthawi ya tereningi

Kholo likalandira kalata yochokera ku kalabu ya mpira, maso amathamangira pa zinthu zitatu: ndalama zingati, kuyambira liti, ndipo mwana azifika pakhomo nthawi yanji. Zitatuzi zikapanda kuoneka msanga, kalatayo imapindidwa n'kuikidwa pawindo, ndipo mlembi amadzaona zotsatira zake pakutha kwa mwezi, ena atalipira mtengo wakale, ena atatumiza mwana tsiku lolakwika. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya kalata imeneyi imachitika cholembera chisanagwidwe, pa nthawi imene mlembi akhala pansi ndi msungichuma ndi makochi kuti manambala ndi maola zigwirizane.

Choyamba, tsegulani buku la maminitsi

Mlembi salengeza maganizo ake, amalengeza zimene komiti inagwirizana. Musanalembe liwu lililonse, pezani tsamba la msonkhano umene unavomereza kukweza chopereka, muone tsiku lake, chiwerengero cha amene analipo, ndi mtengo weniweni umene unavomerezedwa. Ngati maminitsi akungonena kuti "tinagwirizana kukweza pang'ono", kalata isatuluke. Bwererani kwa wapampando kuti komiti ikumanenso n'kutchula nambala. Onaninso malamulo a kalabu yanu, chifukwa makalabu ena analemba okha kuti chopereka chingasinthidwe pa msonkhano wa makolo onse basi. Zikakhala choncho, kalata yanu iyenera kukhala yoitanira makolo kudzavomereza, osati yowauza kuti nkhani yatha. Kholo limodzi lodziwa malamulowo likhoza kuimitsa zonse pa gulu la WhatsApp m'mawa umodzi, ndipo lidzakhala likunena zoona.

Chachiwiri, werengetsani ndalama mpaka zioneke ndi maso

Apa m'pamene makalata ambiri amagwera. Mlembi amalemba kuti "monga mukudziwa zinthu zakwera mtengo", n'kudumphira pa mtengo watsopano. Makolo akudziwa kale kuti zinthu zakwera. Anaona kwacha ikutsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amagula okha sopo ndi shuga. Chimene sakudziwa n'chakuti ndalama imene amapereka ku kalabu imapita kuti, ndipo ndi chimenecho chokha chimene chingawachititse kuwonjezera mosanyinyirika.

Tiyerekeze kalabu ya m'tauni imene ili ndi ana 60 m'magulu atatu, ndipo imabwereka bwalo la pasukulu ya pulayimale. Manambalawa ndi ongoyerekezera, inu muikepo a m'buku la msungichuma wanu. Pamwezi kalabuyi imapereka K30,000 kusukulu chifukwa cha bwalo. Imapita koyenda kawiri pamwezi, ndipo minibasi ya hayala ndi K50,000 ulendo umodzi, kutanthauza K100,000. Oyimbira masewero a pakhomo amatenga K30,000. Laimu wolembera mizere, mabandeji, mankhwala otsukira mabala ndi madzi akumwa zimadya K20,000. Makochi atatu amalandira K10,000 aliyense ya mayendedwe, yonse K30,000. Mipira ndiyo imaiwalika kawirikawiri chifukwa sigulidwa mwezi uliwonse. Pa bwalo la dothi ndi timiyala mpira sukhalitsa, choncho ngati kalabu imagula mipira 12 pachaka pa K25,000 umodzi, imeneyo ndi K300,000, ndipo mukaigawa m'miyezi 12 imakhala K25,000 pamwezi. Zonse pamodzi ndi K235,000.

Tsopano funso lofunika: ndalama imeneyi tiigawe kwa ana angati? Mukaigawa kwa onse 60, aliyense apereka pafupifupi K3,900, ndipo komiti imakopeka kunena kuti K4,000 yakwana. Koma funsani msungichuma kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi amene amalipiradi mwezi ndi mwezi ndi angati. Tinene kuti ndi 48. Enawo ndi ana amasiye, ana amene makolo awo ntchito inatha, ndi ena amene komiti inawakhululukira. Ana 48 akamapereka K4,000 mupeza K192,000, ndipo mudzakhala mukuperewera K43,000 mwezi uliwonse ngakhale mwakweza. Pakatha miyezi itatu mudzalembanso kalata ina yokweza, ndipo kalata yachiwiriyo ndi imene imathetsa chikhulupiriro. Gawani K235,000 kwa ana 48, mupeza pafupifupi K4,900. Mtengo woona ndi K5,000, umene ubweretsa K240,000. Pa mtengo wakale wa K3,000 kalabuyi imatolera K144,000, ndiye kuti imaperewera K91,000 pamwezi. Nambala imeneyi ilowe m'kalata, chifukwa ndiyo yankho la funso lakuti "mwakwezeranji".

Kuchotsera mabanja a ana awiri kuwerengedwenso pompano, osati kulonjezedwa chifukwa cha chifundo cha pamsonkhano. Ngati mwana wachiwiri wa m'banja limodzi azipereka K4,000, ndipo ana otere alipo asanu, kalabu itaya K5,000 pamwezi, n'kutsala ndi K235,000 ndendende. Zikukwana, koma palibe chotsala. Akanakhala khumi, komiti ikanayenera kuganizanso.

Musasakanize chopereka cha pamwezi ndi ndalama zolipira kamodzi, monga ya jezi kapena ya kalembera wa mpikisano. Ngati ziliko, zikhale ndi ndime yakeyake ndi tsiku lake. Mukaziphatikiza mu chiganizo chimodzi, kholo limawonkhetsa zonse n'kuganiza kuti ndiyo ya mwezi uliwonse.

Chachitatu, maola muwayeze ndi dzuwa

Nthawi ya tereningi yambani kuiwerenga kuchokera kumapeto. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mu Juni dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, pamene mu Disembala ndi Januwale limalowa 6 koloko itadutsa, ndipo kwathu kuno dzuwa likangolowa mdima suchedwa. Funsani kuti mwana amene amakhala kutali kwambiri amayenda mphindi zingati. Ngati ndi mphindi 30, ndipo kusonkhanitsa mipira, kuvula nsapato ndi mawu omaliza a kochi zimatenga mphindi 10, tereningi ya m'nyengo yozizira isapitirire 4:45 kwa aang'ono ndi atsikana, ndipo 5 koloko ikhale malire kwa akuluakulu. Kalabu imene imaweruka 6 koloko mu Malichi n'kusiya nthawi yomweyo mpaka Juni imataya ana popanda wodandaula poyera. Makolo amangomuuza mwana kuti asiye.

Poyambira pamadalira nthawi yowerukira kusukulu. Musaganizire, funsani. Sukulu zina ana amaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana, a sekondale amaweruka mochedwa kuposa a pulayimale, ndipo mwana ayenera kufika kunyumba, kudya ndi kusintha zovala. Ana achisilamu ambiri amapita ku madrasa masana, ndipo a mpingo wa Seventh-day Adventist sasewera Loweruka. Zimenezi kochi amazidziwa kuposa komiti, choncho muonetseni ndandanda isanalowe m'kalata. Pitaninso kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya bwalolo kuti avomere masiku atsopanowo, makamaka polemba. Palibe chochititsa manyazi ngati kulengeza Lachitatu, ana n'kupeza timu ya sukulu ili kale m'bwalo.

Magulu muwatchule ndi chaka chobadwa, osati ndi msinkhu wokha. Mukalemba kuti "osapitirira zaka 14", kholo la mwana amene akwanitse zaka 14 mu Ogasiti silidziwa kumene mwana wake akugwera. Mipikisano yambiri imawerenga kuyambira pa 1 Januwale wa chaka chobadwa, koma tsimikizani ndi malamulo a mpikisano umene mukusewera, kenaka lembani zaka zenizenizo.

Chachinayi, njira yolipirira isasiye mpata

Tchulani munthu mmodzi wolandira ndalama, ndipo akhale msungichuma. Kochi asalandire, mlembi asalandire. Ndalama yopatsidwa kwa kochi pakona ya bwalo, popanda lisiti, ndiyo gwero la mikangano yambiri ya m'makalabu a ana, ngakhale kochiyo atakhala wokhulupirika chotani, chifukwa pakatha masabata awiri palibe amene akumbukira ngati inali ya Meyi kapena ya Juni.

Ngati mukulandira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, lembani nambala pamodzi ndi dzina limene lidzaoneke pafoni potumiza, kuti kholo litsimikize lisanadine. Nenani poyera ngati ndalama yotapira ili pa kholo kapena pa kalabu, apo ayi ena adzatumiza K5,000 yeniyeni, ena adzawonjezera, ndipo buku silidzagwirizana ndi zimene msungichuma watapa kwa ejenti. Pemphani kuti akatumiza atumizenso meseji yotchula dzina la mwana ndi mwezi umene alipira, chifukwa nthawi zambiri nambala yotumizayo imakhala ya malume, ya neba kapena ya ejenti, ndipo dzina lake silifanana ndi la mwana aliyense m'kaundula. Muwonjezere chiganizo chimodzi chowateteza kwa akuba: nambala ya kalabu sidzasinthidwa kudzera pa meseji.

Za tsiku lomaliza kulipira, pa 5 kapena pa 7 mwezi ukayamba pamayenda bwino kwa olandira malipiro pakutha pa mwezi. Ngati makolo ambiri ndi alimi, apatseni mwayi wolipiriratu miyezi ingapo akagulitsa zokolola, ndipo musayambitse mtengo watsopano mu Januwale kapena Febuluwale, pamene m'nyumba zambiri chakudya chachepa ndipo fizi ya teremu yachiwiri yangolipiridwa kumene. Perekani mwezi wathunthu pakati pa tsiku la kalata ndi tsiku loyamba mtengo watsopano.

Chachisanu, lembani

Tsatirani kalembedwe ka kalata yantchito: keyala ya kalabu ndi tsiku pamwamba, malonje, mutu, thunthu, ndi mathero okhala ndi siginecha. Malonje akhale "makolo ndi onse olera ana", chifukwa ana ambiri amakhala ndi agogo, azakhali kapena achimwene awo. Zonse zikwane tsamba limodzi, kachidutswa kobweza kali m'munsi. Nayi kalata ya kalabu yathu yoyerekezera ija.

(Dzina ndi keyala ya kalabu)
30 Malichi 2026

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

CHOPEREKA CHATSOPANO NDI NTHAWI YATSOPANO YA TERENINGI

Tikukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 Meyi 2026 chopereka cha pamwezi chidzakhala K5,000 pa mwana mmodzi, kuchoka pa K3,000. Mwana wachiwiri wa m'banja limodzi azidzapereka K4,000. Izi zinavomerezedwa ndi komiti pa msonkhano wa Loweruka pa 21 Malichi 2026. Mwezi wa Epulo mulipirabe mtengo wakale.

Kalabu imagwiritsa ntchito K235,000 pamwezi motere: minibasi ya masewero a koyenda K100,000, bwalo K30,000, oyimbira K30,000, mayendedwe a makochi K30,000, mipira K25,000, laimu, mankhwala ndi madzi K20,000. Pa mtengo wakale timatolera K144,000, choncho timaperewera K91,000 mwezi uliwonse. Buku la ndalama ndi malisiti zili ndi msungichuma, ndipo aliyense ali ndi ufulu woziona.

Chonde lipirani pasanafike pa 7 mwezi uliwonse kwa msungichuma yekha, pamanja Loweruka kubwalo, kapena pafoni pa nambala iyi (nambala ndi dzina loonekera potumiza). Ndalama yotapira ilipiridwa ndi kalabu. Mukatumiza, lembani meseji yotchula dzina la mwana ndi mwezi. Aliyense wolipira alandire lisiti. Musapatse ndalama kochi, ndipo musakhulupirire meseji yonena kuti nambalayi yasintha.

Popeza kunja kwayamba kuda msanga, kuyambira Lolemba pa 4 Meyi mpaka kumapeto kwa Ogasiti tereningi izichitika motere, pa bwalo lomwe lija:

Obadwa 2014 kapena pambuyo pake: Lachiwiri ndi Lachinayi, 3:00 mpaka 4:15 masana.
Obadwa 2012 ndi 2013: Lolemba ndi Lachitatu, 3:00 mpaka 4:30 masana.
Obadwa 2009, 2010 ndi 2011: Lachiwiri ndi Lachinayi, 3:30 mpaka 5:00 madzulo.

Mwana azifika mphindi 10 nthawi isanakwane, atadya, atatenga botolo la madzi. Kochi sadzachoka pabwalo mwana womaliza asananyamuke. Ana amene akulemba mayeso a Sitandade 8, Fomu 2 ndi Fomu 4 aloledwa kupuma osataya malo awo mu timu, ndipo mwezi umene apuma sadzalipira. Ingotidziwitsani.

Ngati mtengo watsopanowu ukulemerani, musamuletse mwana kubwera. Onanani ndi wapampando kapena msungichuma panokha, ndipo zimene mukambirane sizidzatuluka.

Tidzakhala ndi msonkhano wa makolo Loweruka pa 18 Epulo, 2 koloko masana, kubwalo, kuti tiyankhe mafunso anu. Chonde sainani kachidutswa kali m'munsika n'kubweza pasanafike pa 25 Epulo.

Ine wanu,
(siginecha, dzina, ndi nambala ya foni)
Mlembi, m'malo mwa komiti

Ine, kholo kapena womulera wa (dzina la mwana), wobadwa chaka cha (chaka), ndalandira kalata ya pa 30 Malichi 2026. Nambala yanga ya foni ndi (nambala). Mwana azibwerera kunyumba yekha / azitengedwa ndi (dzina). Siginecha kapena chidindo cha chala, ndi tsiku.

Taonani mmene ndime yoyamba yayambira. Palibe mbiri ya kalabu, palibe kuyamikira zikho zimene ana anatenga chaka chatha. Mtengo watsopano, wakale, ndi tsiku zili mu chiganizo choyamba. Alembi ena amabisa mtengo m'ndime yachinayi poganiza kuti akufewetsa nkhani, koma kholo likaupeza kumeneko limamva ngati amafuna kulizembera. Chiganizo chakuti "mwezi wa Epulo mulipirabe mtengo wakale" chikuoneka chaching'ono, komabe chimachotsa mafoni ambiri, chifukwa kalata yolembedwa kumapeto kwa Malichi anthu amaiwerenga ngati ikunena za mwezi umene ukubwerawo.

Ndime ya ovutika kulipira isakhale yoopseza. Mawu akuti "wosalipira sadzaloledwa kulowa m'bwalo" amalanga mwana pa mlandu wa akuluakulu, ndipo amaika kochi pa ntchito yobweza mwana wa zaka khumi pamaso pa anzake. Ngati komiti yagwirizana chochita ndi amene ali ndi ngongole, lembani ndondomeko yake moyera, mwachitsanzo kuti pakatha miyezi iwiri msungichuma adzayendera kholo, ndipo nkhaniyo ithere pakati pa akuluakulu. Maina a angongole asalembedwe m'kalata kapena pa gulu la WhatsApp. Ndipo lonjezo lililonse, monga lija lakuti kochi sadzachoka mwana womaliza asananyamuke, lilowe pokhapokha kochiyo walimva n'kuvomera. Chimodzimodzi lija lakuti olemba mayeso sadzalipira mwezi wopuma: mayeso atatuwa amagwa pakati pa Meyi ndi Julayi, choncho msungichuma awerengeretu kuti ndi ana angati ndipo dzenjelo litsekedwa ndi chiyani, popeza taona kale kuti bajeti ya kalabuyi ilibe chotsala.

Chachisanu ndi chimodzi, ipimeni isanachulukitsidwe

Tengani kalendala muone ngati tsiku lililonse likugwirizana ndi deti lake. Kulemba "Loweruka pa 19 Epulo" pamene pa 19 ndi Lamulungu kumagawa makolo pawiri, ena kubwera Loweruka, ena Lamulungu. Wonkhetsaninso manambala a ndalama ndi kakyuleta, chifukwa pakati pa makolo 60 sipalephera mmodzi amene adzawonkhetse. Nambala ya foni yolipirira muiyese potumizako ndalama yochepa, muone dzina limene lituluke. Kenaka patsani kalatayo munthu amene sanali pa msonkhano wa komiti, aiwerenge kamodzi, muitenge, ndipo mumufunse kuti mwana wobadwa 2013 azibwera masiku ati, alipira zingati mu Epulo, ndipo ndalama apatsa ndani. Akakayika pa funso limodzi, vuto lili m'kalata, konzani. Pomaliza wapampando aiwerenge n'kuvomera, ndipo ngati kalabu ili ndi chidindo, dindani musanapite kofotokopa.

Chachisanu ndi chiwiri, ifikitseni m'manja mwa kholo

Kalata yopatsira mwana pambuyo pa tereningi imalowa m'thumba la kabudula wonyowa ndi thukuta, kapena mu sokosi, ndipo ina imakapezeka pochapa. Ipindeni, lembani dzina la mwana kunja kwake, ndipo kochi achonge m'kaundula aliyense amene walandira, kuti amene anajomba tsikulo adziwike. Fotokopani 65 m'malo mwa 60, imodzi ilowe mu fayilo ya kalabu, ina ikamatidwe pamene ana amasonkhana, zotsalazo zikhale za otaya.

Tsiku lomwelo ikaninso pa gulu la WhatsApp, koma osati chithunzi chokha. Chithunzi chimafuna bandulo kuti chitseguke, ndipo pa foni yaing'ono manambala saoneka bwino. Lembani mawu enieniwo ngati meseji, chithunzi cha kalata yosainidwa chibwere pambuyo monga umboni. Kwa makolo amene alibe WhatsApp tumizani meseji wamba ya mizere itatu: mtengo ndi tsiku loyambira, masiku ndi maola a gulu la mwana wawo lokha, ndi tsiku la msonkhano. Kwa agogo amene kuwerenga kumawavuta, membala wa komiti wokhala nawo pafupi akawawerengere pakhomo, osasiyira mwanayo kuti akamasulire yekha nkhani ya ndalama.

Tizidutswa tobwezedwa ndito tidzakuuzeni ngati kalata yafika. Pofika tsiku la msonkhano, pa 18 Epulo, werengani timene tabwera. Ngati pa 60 tabwera 35, tengani kaundula, lembani maina 25 otsalawo, muwagawe kwa mamembala a komiti malinga ndi madera amene amakhala, ndipo aliyense aimbe foni kapena afike pakhomo sabata yomweyo, pa 25 Epulo pasanafike.